Sopo Wopanda Chikwangwani

Mayi wina wopanga sopo wamadzi ankafunitsitsa chikwangwani chachikulu, koma thumba silinalole. Mlamu wake, telala wa pakhonde la sitolo, anamuseka.

"Mlamu, chikwangwani chimachapa? Apatseni anthu ayese okha."

Loweruka, tsiku la msika, mayiyo anayala tebulo pafupi ndi pokwerera basi. Anaika beseni, n'kumachapa kolala ya malaya yakuda bii anthu akuona. Aliyense woima ankamupatsa kabotolo koyesera, kolembedwa nambala yake ya foni.

"Mukakakonda mukauzeko anzanu," ankatero, manyazi atamugwira.

Ena ankangotenga n'kupita. Komabe iye ankajambula thovulo n'kuika pa sitetasi ya WhatsApp, ndipo amene avomera ankawalowetsa m'gulu lolengezeramo komwe adzaime sabata yotsatira.

Masiku anadutsa foni ili zii. Kenako kunabwera uthenga wamawu wochokera kwa mayi wochapa zovala pasukulu yogonera konko.

"Anandiuza ndi mnzanga wa kutchalitchi. Muli nawo wa malita asanu?"

Wopanga sopo uja anaumvera kawiri, n'kuthamangira kwa mlamu wake kukabwereka chigubu chothiramo sopoyo.