Chinsinsi cha Pansi pa Rauta

Alamu ake a Mzime anabwera Lachitatu kudzapulumutsa banja lomwe silinawapemphe chipulumutso. Ankadzitcha Injiniya, chifukwa tsiku lina anakonza rimoti poisinthira mabatire.

Anakhala pafupi ndi rauta, kabokosi kogawa intaneti m'nyumbamo, n'kuyamba ulaliki. DNS, iwo anati, ili ngati buku la manambala: iwe umalemba dzina la tsamba, iyo n'kuuza kompyuta adiresi yake. Akaika DNS yosefa, masamba oipa ikhala ngati siiwadziwa: a juga, a zolaula, ngakhale a zibwenzi. Bambo ake a Mzime, amene anaferedwa mkazi zaka zisanu zapitazo, anagwedeza mutu mopitirira muyezo.

Mzime anaombera m'manja, mtima uli m'malere. Kwa miyezi inayi ankalemberana ndi mnyamata wina pa tsamba la zibwenzi, mnyamata wodziwa kuika mpumiro m'chiganizo. Mnyamatayo analonjeza kuti Lachisanu adzatchula malo okumanirana Loweruka. Foni ya Mzime inali kwa wokonza. Chomwe anali nacho ndi laputopu basi, ndipo laputopuyo tsopano inkalumbira kuti tsambalo kulibe.

Lachisanu masana Mzime anaganiza zochimwa. Ankadziwa kuti Injiniya, mwa nzeru zawo zonse, sanasinthe pasiwedi yolowera mu rauta, ija yolembedwa pakapepala kunsi kwake. Ananyang'ama kupita pabalaza atakumbatira laputopu.

Anapeza bambo atagwada, magalasi ali pamphuno, rauta ili chagada m'manja. Anati akupukuta fumbi. Chopukutira chake sichinkaoneka.

“Fumbi lake lili ndi zilembo eyiti, Ababa?”

“Naini,” anayankha asanaganize.

Anayang'anana kanthawi. Kenako bambo anayamba kuwerenga zilembozo chimodzichimodzi, Mzime akulemba. Analowa, n'kupeza manambala a alamu ali m'timabokosi tiwiri ta DNS, atakhala mwaulemu ngati alonda a pageti. Anasankha kuti rauta izitenga yokha DNS ya kampani ya intaneti monga kale, anasunga, n'kuizimitsa ndi kuiyatsanso. Timagetsi tinaphethira kwa mphindi yathunthu, yotalika kuposa ulaliki wa Lachitatu.

Tsamba linatseguka. Uthenga unalipo: Loweruka, 3 koloko, pakhomo la laibulale, adzavala shati yobiriwira. Mpumiro uli pamalo pake.

Kumbali kwake foni ya bambo inalira kaliridwe ka uthenga wa pa tsamba lija, kamene Mzime ankakadziwa bwino. Bambo asanaibise, Mzime anaonapo chithunzi cha mayi wa imvi zokongola, akumwetulira ngati wodikira yankho kuyambira Lachitatu.

“Alamu akowo asamve,” anatero bambo, akubweza rauta pashelefu.

Lamlungu Injiniya anafunsa ngati m'nyumbamo mwayera tsopano. Bambo, atameta bwino ndiponso akununkhira mafuta achilendo, anawathokoza ndi manja awiri.