Ngongole ya m'dzina la Rukia

Lachinayi lililonse masana, amayi khumi ndi asanu amakumana pa khonde la sukulu ku Uliwa. Ndi gulu la banki m'khonde. Aliyense amagula masheya, ndipo mlembi amadinda m'buku lake. Bokosi la ndalama lili ndi maloko atatu. Makiyi amasunga anthu atatu osiyana.

Ipyana ndi nambala sikisi m'gululi. Nambala seveni anali Rukia, mayi wa ku Mangochi wogulitsa zitenje. Rukia anadwala masiku anayi okha, n'kumwalira.

Chimwalirire Rukia, mlembi poitana manambala akafika pa seveni amangodumpha. Koma Ipyana amamvabe mawu a Rukia pambali pake: "Ndilipo." Akacheuka, pamphasa palibe munthu. Thupi lonse limachita tsemwe.

Ipyana anali ndi chinsinsi. Lamulo la gulu limati munthu asatenge ngongole ina asanabweze yoyamba. Iye anali nayo kale, koma amafuna ndalama zolipira owokera mpunga ku Hara. Ndiye anapempha Rukia kuseri.

"Anzanga, nditengereni m'dzina lanu. Ndikakolola ndibweza."

Rukia, mtima wake wabwino uja, anatenga K60,000 n'kumupatsa. Palibe wina anadziwa. Mwezi usanathe, Rukia anaikidwa m'manda.

Ipyana anakhala chete. Amadziuza kuti wakufa salankhula. Komatu mlandu suwola! Chakudya chinasiya kukoma. Ankaopa ngakhale kudutsa pamene Rukia ankayala zitenje.

Chaka chitatha, linafika tsiku logawana ndalama. Kunabwera Sumaya, mwana wamkazi wa Rukia. Ndiye amene mayi ake anamulembetsa kuti adzalandire gawo lawo. Sumayayo amafuna fizi ya Folomu 4.

Maloko atatu anatsegulidwa. Owerenga ndalama awiri anawerenga pamaso pa onse. Kenako mlembi, mayi Yunike, anatsegula buku la Rukia.

"Mwanawe, amayi ako anasiya ngongole. Ndi chiwongoladzanja cha mwezi umodzi, yakwana K66,000. Malamulo athu amati tichotse pa gawo lawo."

Sumaya anadabwa. "Amayi anagulira chiyani? Kunyumba sitinaone kanthu."

Ipyana anamva ngati munthu wakhala pambali pake, phewa kukhudza phewa. Anachita mantha, koma manyazi ndiwo anaposa. Anaimirira.

"Ngongoleyo ndi yanga. Rukia anangonditengera. Chotsani kwa ine."

Gawo lake linali K70,000, ndalama zimene amafuna kugulira feteleza. Mayi Yunike anachotsa ngongoleyo, n'kuchotsanso K2,000 ya chindapusa chophwanya lamulo. Ipyana anatsala ndi K2,000 m'manja.

Sumaya analandira gawo lonse la mayi ake. Sanathokoze. Anayang'ana Ipyana nthawi yaitali, misozi ili m'maso.

"Mama, pa maliro munandikumbatira. Munali mukudziwa?"

"Eya, mwanangu," anatero Ipyana. "Ndinali ndikudziwa."