Mchenga wa pa Ngara

Bambo Zebedee, kapitawo wathu pa msewu wa ku Ngara, ankayesa dothi ndi chidendene. Akaponda katatu n'kunena kuti lalimba, ndiye kuti lalimba. Ine Stanford wa kulabu yoyesera dothi, ndi sikelo yanga ndi botolo la mchenga, ankandiona ngati munthu wongodya malipiro a Boma.

Ntchito yanga inali yosavuta kuimvetsa, kwa wofuna kumva. Dothi lokwezera msewu tinkayamba taliyesa kulabu: kulithira madzi mosiyanasiyana, kulisinja m'chitini, kuona pomwe lathinana koposa. La pa Ngara linkafuna madzi 12 peresenti, ndipo likatero, kulemera kwake kochotsera madzi kunkafika makilo 1,900 pa kiyubiki mita. Pamsewu rola inkayenera kufikitsa 95 peresenti ya nambala imeneyo, apo ayi sindisaina, ndipo dothi lina silithiridwa pamwamba.

Mu Okutobala 1976 tinamva kuti kukubwera alendo akuluakulu a Chipani kudzaona chitukuko. Nzeru za a Zebedee zinathera pa fumbi, kuti lingadetse nsalu za amayi ovina. Analamula galimoto yamadzi kuthira masiku awiri osapuma, pa dothi lomwe linali kale ndi chinyezi chokwanira. Rola ikamadutsa, nthaka inkafufuma kutsogolo kwake ngati ufa wa mandasi. Iwo ankangokuwa kuti ibwerezenso, ngati kuti madzi amaopa phokoso.

Ndinakumba dzenje langa, n'kuika dothi lonse pasikelo. Kenaka ndinadzaza dzenjelo ndi mchenga woyera wakulabu, womwe kulemera kwake timakudziwa, kuti ndipeze kukula kwa dzenje. Nambala yoyamba inatuluka 1,994. A Zebedee, omwe ankasuzumira paphewa langa, anaomba m'manja.

"Mwaona, a Stanford? Tapitirira 1,900! Makora chomene, zili bwino kwambiri. Sainani."

"Imeneyo ndi ya dothi ndi madzi omwe, bambo. Dikirani ndiumitse."

Ndinakazinga dothi pang'ono pa pulaimasi mpaka linasiya kupepuka. Madzi anali 18 peresenti. Nditawachotsera, panatsala 1,690, kutanthauza 89 peresenti. Ndinawauza kuti dothi lonyowa chonchi, olo rola igonepo sabata, silingafike. Madzi atenga malo. Lipalasidwe ndi giledala, liume tsiku limodzi kapena awiri, tipondenso.

"Kupalasa? Alendo akubwera mawa! Yayi, imwe, sainani."

Ndinakana. Pamenepo ndinkadzimva mwamuna.

Masana a Zebedee anabwera ndi a Manase, tcheyamani wa nthambi ya Chipani, bambo wofatsa amene sanayang'ane n'komwe dzenje langa. Anandipatsa moni mwaulemu, n'kupempha kuona khadi langa la Chipani. Analitembenuza kawiri.

"Badada, kwanu n'ku Zomba, eti? Tamva kuti mukufuna kugumula msewu wa Boma alendo ali m'njira. Ine ndakana, ndati munthu wophunzira sangadane ndi chitukuko. Kapena ndalakwa?"

Masiku amenewo mawu otere sankafuna kubwerezedwa. Ndinakumbukira mkazi wanga Dora ndi ana awiri kukampu. Pafomu, pomwe panayenera 89, ndinalemba 96, ndi dzanja labwino lomwe aphunzitsi ankaliyamikira. Mchenga timauolanso m'dzenje kuti tikausefe, koma tsikulo ndinausiya momwemo, n'kunyamula katundu wanga ngati wakuba nkhuku.

Alendo anabwera, amayi anavina, fumbi silinaoneke. A Zebedee anagwiridwa chanza, ndipo chaka chisanathe anawakweza n'kuwatumiza kwina. Pamwamba pa phala lathu la dothi lija panathiridwa dothi lina, kenaka miyala, kenaka phula lokongola ndithu.

Dzinja litadutsa, malole a mpunga anayamba kusiya mikwasa pamalo omwewo. Msewu unatitimira, phula n'kung'ambika, m'mbali n'kuyamba kutsetsereka. Injiniya wamkulu anabwera ndi faelo m'khwapa, n'kulamula kuti tikumbe aone chavuta n'chiyani. Wokumbitsa ndinali ine ndemwe, wa kulabu wodalirika.

Tinadutsa phula, miyala, dothi lapamwamba, zonse zolimba bwino. Pansi pake piki inangolowa yokha. Ndipo m'mbali mwa dzenjelo, pakati pa dothi lofiira, munayamba kuyoyoka mchenga woyera, wosefasefa, womwe pa Ngara ponse sungaupeze kupatula m'botolo langa.

Injiniya anautapa, n'kuufikisa m'zala.

"Ndiye kuti pano panayesedwa," anatero. Anatsegula faelo, n'kutsetsereka ndi chala. "Apa akuti 96. Analemba ndani zimenezi?"

Dzina la a Zebedee silinali papepalapo, ngakhalenso la a Manase. Panali limodzi lokha, lolembedwa bwino, losavuta kuwerenga.

"Ndine, bwana," ndinatero.