Nambala ya Alamu pa Chithunzi cha Mlongo Wawo

Ine ntchito yanga ndi yokonza ndi kusindikiza zithunzi, ndipo sindikonda kuuzidwa zochita pa kompyuta yanga. Kashopu kanga kali m'nyumba yosanja, khomo 12 B, moyang'anizana ndi osoka nsapato.

Alamu anga, amuna a mng'ono wanga, ndi ometa tsitsi ndipo kwawo amayankhula Chiarabu. Anasiyana ndi mlongo wawo pothawa nkhondo zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Atamva mphekesera yoti mlongoyo anaoneka m'tauni muno, anabwera ndi kachithunzi kothetheka, mawu a Chiarabu atawalemba kale pa foni. Anandipempha ndiike mawuwo pansi pa nkhope, pamodzi ndi nambala yawo ndi khomo la shopu yanga.

Nditamata mawuwo pa chithunzi, alamu anaseka koyamba mwezi umenewo. Akuti zilembo zinali zitamwazikana ngati mano a chipeso chothyoka, komanso zayambira kumanzere. Chiarabu chimayambira kumanja, ndipo zilembo zake zimagwirana, chilichonse n'kusintha maonekedwe malinga ndi pomwe chaima m'liwu. Pulogalamu yanga yakaleyo inalibe nazo ntchito zimenezo. Ndinalusa, n'kutsegula ina yodziwa Chiarabu, zilembo n'kugwirana bwinobwino. Alamu anawerenga mawu onse akupukuta misozi, n'kuvomereza. Nambala sanaiyang'ane, nanga munthu amawerenganso nambala yake?

Tinamata mapepala mazana awiri, kumsika, kokwerera basi, kuchipatala. Milungu itatu inatha, foni ili zii. Mng'ono wanga anandiuza kuti amuna ake ayamba kumeta anthu foni ili m'thumba la malaya, ikangolira amasiya mutu wa munthu theka. Kenako anasiya n'kudya komwe. Ine ndinkawakalipira kuti asadziphe ndi maganizo, koma mumtima ndinali nditataya kale chiyembekezo.

Lachiwiri lina m'mawa foni yanga inagwera m'ndowa yokolopera. Ndinabwereka ya osoka nsapato kuti ndiwadziwitse alamu za ngoziyo, ndipo poti nambala yawo sindiisunga pamtima, ndinaiwerenga pa pepala lomwe ndinamata pakhomo panga: 380 552 071. Foni inati nambalayo kulibe. Ndinaimbanso, n'kuwanena osoka nsapatowo kuti foni yawo ndi chiphakasa. Iwo anangofunsa mofatsa kuti ndi nambala yanji yosayamba ndi ziro.

Ndinathamangira pa kompyuta n'kulembanso mzerewo pang'onopang'ono, maso ali pa sikirini. Pambuyo pa mawu a Chiarabu ndinalemba 071, inakhala bwino, chifukwa manambala amayenda kuchokera kumanzere ngakhale ali pakati pa Chiarabu. Nditasiya mpata n'kulemba 552, inakakhala kumanzere kwa 071. Kampata kaja kalibe mbali yakeyake, kamangotsatira mzere wa Chiarabu, ndiye gulu lililonse la manambala linkaima ngati liwu palokha, kumandanda kuchokera kumanja. Manambala onse analipo, koma magulu atasinthana malo. Khomo nalonso chimodzimodzi: 12 B inkaoneka ngati B 12, chipinda cha pansi chosungira matsache, chokhoma chaka chonse.

Mipatayo ndinaiikamo ndine, kuti nambala ioneke yokongola. Manyazi ake, ndinalakalaka pansi patang'ambika.

Ndinapita ku shopu ya alamu pepala lili m'manja, n'kuwauza zonse anthu akumva. Ndinkayembekeza mkwiyo. Iwo analiyang'ana pepalalo nthawi yaitali, makina ometera akulirabe m'dzanja.

“Ndiye kuti sikuti palibe amene anamuona, alamu,” anatero. “Mwina anthu ankaimba ndithu.”

Masana omwewo ndinachotsa nambala ndi khomo mu mzere wa Chiarabu, n'kuziika m'kabokosi kakekake koyenda kuchokera kumanzere. Ndisanasindikize ndinawaitana osoka nsapato kuti aimbe zomwe akuona pa sikirini. Foni inalira m'thumba la alamu, omwe anali ataima pambali panga. Tinazungulira tauni yonse atatu, ine, alamu ndi mng'ono wanga, kumata atsopano pamwamba pa akale.

Lachisanu ndikudula mapepala, panalowa mayi wina wachikulire wovala yunifolomu ya ochapa zovala kuchipatala. Anatulutsa m'chikwama pepala lakale lija, lopindapinda, kumbuyo atalemba manambala athu m'madongosolo osiyanasiyana, ena atawakhwatcha. Anati anaimba mpaka kutopa, ndipo ku B 12 anagogodako kawiri. Lero waona latsopano, koma nkhani ngati iyi sanafune kuinena pa foni.

Ndinamufunsa ngati akumudziwa mtsikana wa pa chithunzicho.

“Timachapa limodzi,” anatero. “Kulowa waopa, akuti mwina womufunayo si mchimwene wake. Ali pa masitepe.”

Ndinakuwira osoka nsapato kuti andibwereke foni. Ulendo uno nambala ndinali nditailoweza pamtima.