Makomo Atatu a ku Libuyu

Ndamangapo ku Kitwe ndi ku Solwezi, pano ndili ku Livingstone. Nyumba imene ndinali kumangira ba Perpetua ku Libuyu inali itafoleredwa kale pamene amuna awo, ba Amon, anafa ziwalo. Mayiwo anandipempha kuti tikulitse makomo kuti njinga ya olumala izilowa.

Zimenezo munalibe m'pangano lathu, choncho ndinalemba pepala la ntchito yowonjezera. Tinakhala pa mabuloko, ine n'kumawerenga.

"Tigumula makomo atatu, tithire malintala atsopano a konkire pamwamba pake, timangenso pokwerera njinga pakhonde. Zonse ni K18,000. Tsiku lomaliza lisuntha ndi masabata atatu."

"Ndalama ndilibe, ba Webster."

"Tingasiye matailosi. Mtengo wake tikachotsera, muwonjezera K4,000 chabe."

"Nanga masabatawo? Chotsaninso."

"Konkire sithamangitsidwa, mayi. Tikachotsa mitengo yochirikiza konkireyo isanalimbe, lintala ing'aluka."

Anayang'ana khomo la kuchipinda nthawi yaitali. Adokotala anali atawauza kuti ba Amon mwina sautha mweziwo ali moyo.

"Musanasaine sindingagumule," ndinatero chapansipansi.

Anasainira pabondo.

"Kulitsani ndithu. Kaya pa njinga, kaya m'bokosi, alowe m'nyumba mwawo."