Mzere wa 51

Uthenga wa malume unkalowa 6 koloko m'mawa, osaphonya. Mkuluyo anagwira ntchito zaka makumi awiri mu ofesi yolemba anthu ntchito, ndipo chipumireni anatsala ndi wantchito mmodzi yekha womulamula: mphwawo wamkazi, mlembi wophunzira bwino amene chaka chachiwiri chinkatha ali pakhomo.

"Wadzuka, mphwanga? Lero makalata awiri. Komwe padutsa milungu iwiri osayankha, imba ufunse mwaulemu. Yeserera mokweza funso lija loti tiuzeni za inu. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Anamugulira kope, n'kumujambulira okha mizere ndi rula: kampani, udindo, tsiku lotumiza, tsiku lotsekera, tsiku lokafunsa, yankho. Madzulo alionse mtsikanayo ankajambula tsambalo pa foni n'kuwatumizira.

Mpaka mzere wa 43 zonse zinali zoona. Pamenepo ndi pomwe anaitanidwa ku mafunso, atasita bulauzi kawiri, n'kupeza omufunsawo akuyasamula ngati anthu amene anasankha kale. Sanalire ayi. Anangozizira m'kati, ndipo makalata anasiya kutumiza. Koma kope silikana cholembera. Tsiku lililonse ankalembamo makampani awiri, masiku ake ogwirizana bwinobwino, n'kubwerera kukagona moyang'ana khoma. Manyazi omwe sankawamva.

Lachinayi lina masana anamva "Odi!" Anali malume, atavala jekete yawo ya ku ofesi, nsapato zili mbuu.

"Ndachokera ku kampani ya malole ija," anatero atakhala pa mpando. "Mzere wa 51. Tsiku lokafunsa linali dzulo, iwe sunalembe yankho. Ndinati mwina mwana akuchita mantha, ndikamufunsire ndine."

Mtsikanayo anangoyang'ana mabatani a jekete.

"Ndadikira maola awiri pa benchi. Kenako kamtsikana ka pa desiki, kamsinkhu wako, kakundiuza kuti, agogo, ife sitinalengezepo ntchito ya ulembi chaka chino. Ine n'kumakatsutsa! Mpaka kukaonetsa chithunzi cha kope."

"Pepani, malume."

"Abodza ndi angati?"

"Kuyambira 44."

Malume anawerenga ndi zala, milomo ikugwedera. Sanakalipe, chikhalirecho anali munthu wokalipira ngakhale kalata yopindika pakona. Anapempha madzi, anamwa theka, n'kunyamuka. Mtsikanayo anawaperekeza mpaka pa geti, akudikira kuti mtima umupweteke, koma unangoti zii.

M'mawa mwake anadzidzimuka yekha 6 koloko isanakwane, foni ili m'manja. Mauthengawo anali atasiya kale kuwawerenga mpaka kumapeto, ankangoona kuti afika. 6 koloko inakwana. Panja anthu a ntchito ankadutsa, zidendene zikugogoda msewu. Hafu pasiti inadutsa, 7 koloko n'kukwana, uthenga wa malume osalowa. Anazimitsa foni n'kuyiyatsanso, poganiza kuti mwina ndi netiweki. Netiweki inali yodzaza.