Tarifi Yatsika, Ng'ombe Yapita

Atate anga, a Andreya Mbewe, anaphunzitsa sukulu zaka makumi atatu ku Pembamoyo, ndipo mwezi uliwonse boma linkadula msonkho pa malipiro awo ndalamazo asanazione. Anapuma ntchito, koma mkwiyo wawo sunapume nawo. Mapepala onse a malipiro anawasunga m'sutikesi, ngati mmene ena amasungira zithunzi za maliro.

Ine ndinabwerera kumudzi mu 1995 ndi digiri ya zachuma yochokera ku Lusaka. Ntchito kunalibe. Digiriyo inapachikidwa pakhoma pafupi ndi kalendala, ndipo ine ndinapatsidwa udindo wosenda mtedza.

Mu Januwale 1996 wailesi inanena za bajeti. Mwa zina inati tarifi yapamwamba yatsika kuchoka pa 40 kufika pa 25 peresenti. Atate anazimitsa wailesi mwaulemu, nayang'ana amayi.

"Amake Tionge, mwamva? Msonkho watsika. Boma lachita manyazi."

Tsiku lomwelo anatulutsa maganizo amene anali nawo kalekale. A Ezekiel Phiri, a golosale ku Chadiza boma, ankagulitsa makina oyengera mafuta a mpendadzuwa, opukusa ndi manja. Atate anati tsopano munthu wochita bizinesi azisunga phindu lake lonse, choncho agulitsa ng'ombe zathu ziwiri zolimira kuti agule makinawo. Ng'ombezo ndizo zinkakoka pulawo m'munda wathu wa maekala asanu ndi limodzi, ndiponso ngolo. Zina tinalibe.

Ndinadikira kuti amalize kumwa tiyi.

"Atate, tarifi si msonkho umene unkadulidwa pa malipiro anu."

"Msonkho ndi msonkho, mayi."

"Uja ankakudulani chifukwa mwalandira ndalama. Amayang'ana zimene munthu wapeza, malipiro kapena phindu la bizinesi. Wopeza zochepa kwambiri sadulidwa n'komwe. Tarifi siyang'ana thumba la munthu. Imayang'ana katundu wolowa m'dziko. Lole ikafika pamalire ndi zigubu za mafuta a ku South Africa, mwini katunduyo amalipira gawo la mtengo wake, ndipo akafika kusitolo amaikanso ndalamazo pa mtengo wogulitsira."

"Ndiye kuti akatsitsa, zinthu zitchipa. Ukudandaula chiyani?"

"Zitchipa za kunja. Kwa ogula ndi nkhani yabwino. Koma inu mukufuna kukhala wogulitsa. Mafuta anu sawoloka malire, tarifi siwakhudza. Amene achotseredwa katundu pamutu ndi amene mukapikisane nawo."

Atate anavula magalasi. Amachita zimenezi akafuna kuti munthu aone bwino kukhumudwa kwawo.

"Amake Tionge, tinagulitsa mtedza wa zaka zinayi kuti mwanayu akaphunzire kunena kuti msonkho ukatsika tizilira."

Amayi, a Elinata, anali kusankha nyemba m'lichero. Iwo anachitapo geni ya zitenje, kuwoloka pa Chanida kupita ku Mozambique ndi kubwerera. Anafunsa osadzutsa mutu.

"Tionge, chimene ukunenachi si dyute? Ija amatilipiritsa pageti?"

"Ndi yomweyo, amayi."

"Ooh. Ija safunsa ngati wapindula. Ine chaka china zitenje zinanyowa ndi mvula, theka linaonongeka, koma dyute ndinali nditalipira kale pa zonse." Anataya kamwala. "Bwanji a wailesi osangonena kuti dyute?"

"Akatero aliyense amva," ndinatero.

Atate sanakonde kuti nyumba yonse yagwirizana popanda iwo. Anati nkhaniyi ndi ya amuna amalonda, ndipo Loweruka tipita kwa a Ezekiel kuti ndikamve ndekha. Tinapita pa njinga, ine kumbuyo, digiri itatsala pakhoma.

A Ezekiel anatilandira ngati abale otayika. Anapukuta makinawo ndi mkono wa shati. Anali obiriwira, ndi chogwirira chachitali ngati mtengo wa pampu.

"Aphunzitsi, awa ndi ng'ombe yosadwala. Safuna dibi, safuna mbusa."

"Mwana wangayu akuti tarifi ikatsika ndi tsoka," anatero atate.

"Tsoka? Ndi dalitso, aphunzitsi. Ine ndikuthokoza Mulungu."

Sananame. Ndinayang'ana kumbuyo kwawo ndipo ndinaona kuti shelefu yonse yapansi yachotsedwa katundu ndi kupukutidwa.

"A Phiri, pamenepo mukuikapo chiyani?"

"Katundu akubwera, mwanawe."

"Wochokera kuti?"

Anaseka, nauza atate kuti ana a masiku ano amafunsa ngati apolisi. Ndinafunsanso chifukwa chimene akugulitsira ng'ombe yosadwala. Anati msana wawo suwalolanso kupukusa. Kenaka ananyamula thumba la mchere la makilo makumi asanu kuti atipezere pokhala.

Pobwerera atate anapalasa njinga maso ali pamsewu. Ndinadziwa kuti amva. Atate si munthu wopusa. Vuto linali lakuti anali atauza kale anthu a ku tchalitchi chathu, pambuyo pa mapemphero, kuti msonkho watsika ndipo iwo atsegula fakitale. Akatekisiti anali atawatchula kale kuti a Manejala.

Patapita masiku atatu anatiitana ine ndi amayi. Anakhala pampando wawo wa ndalema, manja pamimba.

"Ndaganiza mofatsa. Mwanayu ali ndi mfundo, inenso ndili ndi mfundo. Munthu wanzeru amayenda pakati. Ndigulitsa ng'ombe imodzi."

Amayi anaika lichero pansi.

"Imodzi."

"A Ezekiel avomera kuti ndilipire theka, makina akhale a tonse awiri, koma azikhala kuno. Mukuona? Ng'ombe tili nayo, makina tili nawo."

"Atate ake Tionge, goli lili ndi malo angati?"

"Zimenezo tidzaona nthawi ya dzinja."

Ng'ombe yakuda inapita ndi munthu wa butchala Lachiwiri lotsatira. Yofiira inalira masiku awiri, kenaka inazolowera moyo wa penshoni.

Mpendadzuwa tinakolola mu Meyi. Makinawo ankagwira ntchito bwino, ndiyenera kunena zoona. Atate ankaimirira pambali ndi kuwerenga madontho, ine ndi amayi tikupukusa. Mafuta ake anali onunkhira, akuda pang'ono. Tinawathira m'mabotolo otsuka bwino n'kupita nawo ku boma.

Pashelefu yapansi ya a Ezekiel panali zigubu zachikasu za mafuta akunja oyera bwino, zolembedwa Chingerezi ndi chinenero china chimene ngakhale atate sanathe kuwerenga. Amayi a kumsika ankagula chigubu chimodzi n'kumagulitsa ndi kachibekete. Mtengo wake unali wotsika kuposa umene ife tikanagulitsira osataya ndalama za mbewu. Atate anafunsa a Ezekiel ngati angaike mabotolo athu pambali pake, poti bizinesi ndi ya tonse. A Ezekiel anati malo achepa, koma atipempherera.

Tinagulitsa mabotolo ochepa kwa anesi ndi kwa anthu amene atate anawaphunzitsa, amene sanathe kuwoloka msewu mwamsanga kuti atizembe. Otsala tinadya tokha. Chaka chimenecho ndiwo za pakhomo pathu zinkanyezimira kuposa za aliyense m'Pembamoyo.

Tsiku lina atate anandifunsa, maso ali kumbali, kuti boma lidzawadula msonkho wochuluka bwanji pa fakitaleyi. Ndinawauza kuti msonkho umenewo umadulidwa pa phindu.

"Ndiye?"

"Ndiye sadzakudulani kanthu, atate."

Anagwedeza mutu ngati munthu amene wapambana mlandu.

Mvula yoyamba inagwa pakati pa Novembala. Oyandikana nafe onse anali kulima ndi ng'ombe zawo, ndipo aliyense anati atibwereka akamaliza, ndiye kuti nthawi yobzala itadutsa. M'mawa mwake amayi anatulutsa makasu atatu. Limodzi anandipatsa, lina anatenga okha, lachitatu analitsamiritsa pa mpando wa ndalema.

"A Manejala," anatero, "maekala ndi asanu ndi limodzi. Awiri ndi anu."

Atate anayang'ana khasulo kwa nthawi yaitali, kenaka anapinda buluku mpaka m'mawondo. Tinadutsa pakhola. Ng'ombe yofiira inali gone, ikubzikula, ndipo sinadzuke.